Chikondi cha m'nyimbo: za pamtondo, za pawailesi ndi za pafoni

*Ndili ndi zaka 27 ndipo ukwati wanga uli pafupi. Posankha nyimbo za paphwando tasemphana ndi amayi. Iwo akuti nyimbo za kale ndizo zinali ndi chikondi chenicheni, za ife ndi ndalama ndi thupi basi. Kodi n'zoona kuti anthu akale ankakondana kuposa ife? Nyimbo zingatiuze zimenezo?*

Mchemwali wanga, amayi anu amva chinthu choona, koma dzina limene achipatsa ndi limene ndikulikana. Ndakhala zaka zambiri ndikumvetsera ndi kuphunzitsa nyimbo zathu, ndipo chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti m'nyimbo zakale za amayi a kumudzi mawu oti "ndimakukonda" sapezekapezeka. Mutha kumvetsera nyimbo za pamtondo tsiku lonse osawamva. Mumamva za nsalu, sopo, mchere, denga lodontha, kalata imene sinabwere. Ndalama ndi katundu zinalimo kuyambira kale. Chimene chasintha kwambiri ndi munthu amene nyimboyo ikulankhula naye, komanso anthu amene akumvetsera.

Ndiyambe ndi nyimbo imodzi imene ndimaidziwa bwino, chifukwa ndinakula nayo. Agogo anga aakazi ku Dedza ankaiimba pokonola chimanga, ali kale okalamba, amuna awo atamwalira kalekale. Ankasinja awiri mumtondo umodzi ndi mng'ono wawo, minsi ikulowa mosinthana, wina akatsitsa wina akukweza, ndipo kugunda kwa minsiyo ndiko kunali ng'oma yake. Nkhani ya m'nyimbomo inali yachidule. Mkazi akuuza anzake kuti nsalu yake yasokedwa mpaka singano yasowa polowa. Udzu umene mwamuna anafolera nyumba asananyamuke wawola, mvula ikugwera pamphasa. Kalata yochokera ku Halale yafika m'mudzi wa kwawo kwa mwamunayo, kwa mlongo wake, koma kwa iye sikunabwere kanthu. Agogo akatsogolera mzere, mng'ono wawo ankavomera, ndipo mayi aliyense wodutsa ndi ndowa pamutu ankalowerera povomerapo.

Munthu wa lero akaimva nyimboyi anganene kuti mayiyu akungofuna zinthu. Koma tiyeni tiifunse mafunso amene ine ndimafunsa nyimbo iliyonse ya chikondi: akuimba ndani, akuimbira yani, akupempha chiyani, akuopa chiyani.

Woimba ndi mkazi wa kudera la chikamwini. Mudzi ndi wake, munda ndi wa mbumba yake, ana ndi a mtundu wake ndipo mwini wawo weniweni pamilandu ndi malume awo. Mwamuna anabwera kudzakhala pamudzipo monga mkamwini, ndipo chikondi chake chinkaoneka ndi maso: kumanga nyumba ndi nkhokwe, kulima, kufolera denga, kuveka mkazi. Choncho mkazi akatchula denga lowola akuwerenga zaka. Udzu wa padenga suwola mwezi umodzi, ndipo aliyense womvetsera ankadziwa kuti dzinja lapita kangapo munthuyo osaoneka. Nsalu nayo inali umboni. Mkazi wovala bwino ankaonetsa mudzi wonse kuti kumene kuli mwamuna wake akukumbukiridwa, ndipo wovala sanza ankayenda ndi manyazi a kuiwalika pathupi pake.

Mzere wa kalata ndiwo wopweteka koposa. Mwamunayo ali moyo, akugwira ntchito, ali ndi womulembera, ndipo wasankha kulembera mlongo wake. Pachikhalidwe cha chikamwini zimenezi zinali ndi pogwira, pakuti mwamuna ali ndi udindo pa alongo ake ndi ana awo. Mkaziyo sakunena za mkazi wina wa m'tauni ayi. Mpikisano wake uli ndi mbumba ya mwamuna wake. Nsanje yotere simungaimve m'nyimbo za lero, ndipo ikutiuza kuti panthawiyo mtima wa mwamuna unkayembekezeka kugawika pakati pa midzi iwiri.

Nanga akuimbira yani, poti mwamunayo ali kutali ndipo sangamve? Akuimbira mudzi. Mtondo unkakhala pabwalo, ndipo mawu ankafika kwa amayi ake, kwa malume ake, kwa ankhoswe. Mkazi sakanatha kuima pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti ukwati wanga watha mphamvu, koma zoimbidwa pamtondo sizinkamuika munthu pamlandu. Nyimboyo inali dandaulo loperekedwa mwaulemu kwa anthu amene anamanga ukwatiwo, kuti alembere munthu wawo, kapena akaona kuti watchona, akambirane zomusudzula mkaziyo kuti akhale mfulu. Chikondi cha m'nyimbo imeneyi chinali ndi mboni ndiponso oyang'anira, ndipo mkazi akasowa sopo sinali nkhani ya awiri okha.

Kuchoka kwa amuna kumeneku sikunali kwa banja limodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 atsamunda anaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo ndalamazo zinali kuminda ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena ankapita pansi okha, ena kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito, Mthandizi ndi Wenela. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu. Ulendowu unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife timati Theba, mpaka unatha mu 1988 pamkangano wa kuyeza magazi pofufuza kachilombo ka Edzi. Kwa zaka pafupifupi zana, tsono, kukonda kwa akazi ambiri kunali kudikira, ndipo kukonda kwa mwamuna kunali kutumiza ndi kubwerako. N'chifukwa chake liwu loti "mtchona" linali lolemera chotero. Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira mawu m'Nyasaland mu 1950 ndi 1958, anajambula nyimbo za pamtondo pamodzi ndi za bangwe ndi zeze, ndipo zina mwa izo zimapezeka mpaka lero. Mukazimvetsera, tcherani khutu ku zinthu zimene zikutchulidwa ndi maina a malo akutali.

Mtondo uja unatha mphamvu pamene zigayo zinafika pafupi ndi mudzi uliwonse. Palibe amene angalire kuti akazi apumula kusinja, koma pamzere wa kuchigayo, m'phokoso la injini, simuimbika nyimbo. Malo amene mkazi wamba ankapeka nyimbo yakeyake n'kuimvetsa mudzi anachepa, ndipo amene anatenga malowo ndi wailesi.

Apa ndi pamene pali nyimbo zimene amayi anu akuzitcha zakale. Ndikaganiza msinkhu wawo, iwo anakulira pa MBC, imene inayamba mu 1964 ndipo kwa zaka zambiri inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Anamva gitala wa Daniel Kachamba wa ku Chileka, banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, magulu ngati la Robert Fumulani, kenako oimba a ku Balaka. Pali zinthu ziwiri zofunika kuzikumbukira pa nyimbo za nthawi imeneyo. Choyamba, pafupifupi onse ogwira gitala ndi kulowa musitudiyo anali amuna. Dandaulo la mkazi silinathe, koma tsopano linkaimbidwa ndi mwamuna wodziika m'malo mwa mkazi, ndipo pambali pake panachuluka madandaulo a amuna: apongozi ovuta, ukamwini wolemetsa, mkazi amene wasintha atalawa tauni, mbeta imene yakana chifukwa mnyamata ndi wosauka. Imvani bwino yomalizayo, pakuti kulira kwa mnyamata wokanidwa chifukwa cha umphawi ndi kwakale kuposa inu ndi ine.

Chachiwiri, nyimbo zimenezi zinkadutsa pasefa. Lamulo lopima zosangalatsa linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1973 panabwera lamulo la kavalidwe limene linaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi. M'dziko lotero, lokhala ndi wailesi imodzi ya boma, nyimbo yotchula thupi poyera sikanaulutsidwa. Ulemu umene amayi akuukumbukira unali woona, koma mbali ina unali wolamulidwa. Nyimbo za thupi zinalipo zambiri, ndipo zina zinali zosabisa mawu kuposa zimene mumamva m'minibasi lero. Malo ake anali kutsimba pachinamwali ndi usiku wolangiza akwati, kumene anamkungwi ankaphunzitsa za mikanda ya m'chiuno ndi za kuchipinda, ana ndi amuna atathamangitsidwa. Amayi anu amazidziwa nyimbozo. Chowawawa n'chakuti zimene zinali ndi chitseko tsopano zikumveka pasipika pamsika, mwana wa zaka zisanu akuvina. Pamenepo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse.

Palinso kusankha kwa nthawi. Pa nyimbo mazanamazana za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, zimene zikuimbidwabe ndi zokoma zokhazokha, zachabechabe zinaiwalika. Tikamayerekeza, timatenga zosankhika za kale n'kuziika pambali pa chilichonse chimene chatuluka sabata ino. Nthawi zina timamvanso chikondi cha mwamuna ndi mkazi pamene palibe. Nyimbo ya Giddes Chalamanda yotchedwa Linny Hoo, imene inafalikira dziko lonse lapansi ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, ambiri ankaiyesa ya chibwenzi, chonsecho mkuluyu ankaimbira mwana wake wamkazi.

Zaka za Edzi ndizidutsa mwachidule, ngakhale zinasiya chipsera chachikulu. Wodwala woyamba anapezeka m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulele m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi nyimbo ya chikondi inasanduka chenjezo. Kukongola kunakhala chinthu chokayikitsa, mwambi wa chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere unali pakamwa pa aliyense, ndipo liwu loti "kukhulupirika" linakwera pamwamba pa mawu ena onse chifukwa linali nkhani ya moyo ndi imfa. Chimene chimandiwawa ndikamamvetseranso nyimbo za nthawiyo n'chakuti wobweretsa matenda m'nyimbomo kawirikawiri ankakhala mkazi, pamene m'mabanja ambiri amene ndinawaona, mkazi anali kunyumba akudikira.

Tsopano za inu. Kusintha kwakukulu kuli m'kaliwu kakang'ono: "inu" wasanduka "iwe". Agogo anga sanatchulepo amuna awo dzina pagulu. Ankati "abambo a uje", ankati "iwo", ndipo pamaso pawo ankati "inu". M'nyimbo zawo mwamuna ndi munthu amene akukambidwa kwa anthu ena. Nyimbo ya lero imayang'ana munthu mmodzi m'maso n'kumuuza kuti iwe, bebi, wanga. Ankhoswe mulibemo. Achibale akatchulidwa, amatchulidwa ngati otchinga njira, anthu amene akunena zambiri, amene awiriwo ayenera kuwatsekera makutu. Mwambi woti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndiwo mtima wa nyimbo zambiri zatsopano. Mboni imene yatsala ndi Mulungu, ndipo n'chifukwa chake mumamva kwambiri zoti ndiwe nthiti yanga, anakulengera ine. Kale ukwati ankaumanga ndi malume awiri atakhala pamphasa. M'nyimbo ya lero unamangidwa kumwamba, awiriwo anangopezana.

Ine kusintha kumeneku sindikuona ngati kutha kwa chikondi. Muli chinthu chimene agogo anga sanapatsidwe: kusankha wekha, kuuzidwa pamaso kuti ndiwe wofunika, kuyenda ndi mwamuna wako ngati mnzako. Atsikananso abwerera pamaikolofoni ndi mawu awoawo, ndipo amaimba zimene pamtondo zinkanenedwa mozungulira: sindipirira kumenyedwa, ukandinyenga ndichoka. Nyimbo zambiri zolangiza mkwatibwi zinkamangidwa pa liwu loti kupirira, ndipo kupirira kumeneko kunasunga mabanja ena abwino, komanso kunatsekera akazi ambiri m'nyumba za nkhanza. Dziko lino linafika pokhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006 chifukwa si zonse zimene zinkapiriridwa zinali zoyenera kupirira.

Koma mvetserani zimene nyimbo za "iwe" zikuopa. Zikuopa foni yokhala ndi loko, uthenga wa pa WhatsApp umene wawerengedwa koma osayankhidwa, bwenzi limene lapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, mpondamatiki wa galimoto amene angamutenge mtsikana. Uthenga wosayankhidwawo ndi kalata ya ku Halale ija, yangosintha maonekedwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mkazi wa pamtondo anali ndi kokadandaula, pamene wa lero amalira yekha ndi mahedifoni m'makutu. Chibwenzi cha m'tauni chikhoza kutha zaka zinayi popanda wachibale aliyense wochidziwa mwamwambo, ndipo chikatha palibe woitanitsa bwalo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake nyimbo za lero zimalumbira kwambiri. Sindidzakusiya, mpaka imfa, ndiwe yekha. Pamene palibe ankhoswe ogwira ukwati, mawu a woimbayo ndiwo ayenera kusenza katundu yense, ndiye amanenedwa mobwerezabwereza.

Pa ndalama, yang'anani nthawi ya mneni. Nyimbo ya pamtondo imakamba zimene zinayenera kuchitika kale: sanatumize, sanafolere. Nyimbo ya mnyamata wa lero yadzaza ndi "-dza-": ndidzakugulira, tidzamanga, udzaona, ungondidikira. Mnyamata wa kale ankatha kukwatira ali ndi khasu, nkhwangwa ndi mphamvu zake, popeza munda ankaupeza kwa mkazi. Wa lero ku Ndirande kapena ku Area 25 akufunika lendi, chinkhoswe cha muholo, zovala zofanana za operekeza, ukwati wa kutchalitchi ndi phwando, pamene ntchito alibe kapena ndi ya maganyu. Akamaimba za ndalama, nthawi zambiri akupempha kuti akondedwe asanazipeze. Mtsikana akamaimba kuti chikondi sichidyedwa, akunena zomwe zija za nsalu yong'ambika, kuti wondikonda aoneke ndi kundisamala. Zilipo ndithu nyimbo zongotama galimoto ndi mowa wodula, ndipo zilipo zimene zimayesa mkazi katundu wogula. Zimenezo sindiziikira kumbuyo. Zimene zimandidetsa nkhawa koposa ndi zija zimati nsanje yolusa ndiyo chizindikiro cha chikondi, zoti ukandisiya ndifa kapena sudzaona mtendere, chifukwa achinyamata amaziimba mokoma osamva kuti muli kuopseza.

Chenjezo limodzi pa kuwerenga mtundu wa anthu kudzera m'nyimbo. Nyimbo imakonda pamene pali bala kapena pamene pali phwando. Banja limene likukhala mwamtendere zaka makumi anayi, kudyera mbale imodzi ndi kuperekezana kuchipatala, silipekeredwa nyimbo kawirikawiri, kale ngakhale lero. Ndiponso woimba wa lero amadziwa kumene kuli chakudya chake. Nyimbo imene ingalowe pamndandanda wa maukwati, imene anthu angavine poponya ndalama pa perekaniperekani, idzamveka Loweruka lililonse kwa zaka, choncho malonjezo okoma amachuluka chifukwa msika ukuwafuna. Nyimbo singakuuzeni kuti anthu a m'badwo uno amakondana kwambiri kapena pang'ono. Imakuuzani chimene m'badwowo umachiyesa umboni wa chikondi, ndi chimene umaopa kutaya. Kumbukiraninso kuti zonse ndafotokozazi ndi za kumadera a chikamwini, pakati ndi kummwera. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene amalowola ndipo mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, nyimbo za akazi zimalira zina: kukhala mlendo pamudzi wa eni, apongozi aakazi, ng'ombe zimene makolo sangathe kubweza.

Pa mndandanda wanu wa paphwando, ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Khalani pansi ndi amayi madzulo ena, muwapemphe akuimbireni nyimbo imodzi imene amaikonda, yonse, osati kungoitchula dzina. Kenako muwafunse kuti anaimva koyamba ali kuti, ndipo ankaganiza za yani. Inunso muwaseweretsere imodzi yanu, muwamasulire mawu achingerezi amene alimo, muwaonetse pamene mnyamata akulonjeza ndi pamene akuopa. Polowa muholo ndi povina inu awiri, ikani zanu za "iwe", pakuti nthawi imeneyo ndi yanu. Ikafika nthawi yoti ankhoswe a mbali zonse aimirire, ndi pamene makolo akubwera kudzafupa, apatseni amayi ufulu wosankha, ndipo mumuuziretu woseweretsa nyimbo kuti asazidule pakati.